Mafunso ndi mayankho: mayina ndi manambala a makasitomala amene mumatolera pa webusaiti ya bizinesi yanu

Ndimathandiza amalonda a kuno ku Dedza ndi ena a ku Ntcheu kukonza mawebusaiti olandirirapo maoda. Ambiri amagulitsa mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato zochokera ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndipo ogula awo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amalondawa amandifunsa tikakhala pansi. Zitsanzo ndatenga pa malonda a kachewere chifukwa ndiwo ndimawaona tsiku ndi tsiku, koma wa malo ogona alendo kapena wogulitsa miphika ndi zosema apeza kuti nkhani yake ndi yomweyi. Pamene ndikunena zimene lamulo likulamula ndanena kuti ndi lamulo, ndipo pamene ndikupereka maganizo anga ndanenanso choncho.

Bizinesi yanga ndi ya ine ndi anyamata awiri basi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu si la mabanki ndi makampani a foni?

Ndi lanunso. Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Data Protection Act la chaka cha 2024, limene linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, ndipo bungwe loyang'anira kuti likutsatidwa ndi la MACRA. Muzu wake uli mu gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamuloli siliyang'ana kukula kwa shopu. Limayang'ana kuti ndani anaganiza zotolera uthenga wa anthu, pa chifukwa chanji, ndiponso m'njira yanji. Ngati ndinu amene munati pa webusaiti pakhale fomu yofunsa dzina, nambala ndi komwe munthu amakhala, udindo ndi wanu, ngakhale amene analemba webusaitiyo akhale wina.

Chimene lamulo lachisiya pambali ndi uthenga umene munthu amasunga pa zake za pakhomo, monga manambala a abale ndi anzake mu foni. Manambala a ogula mbatata si a pakhomo, ngakhale akhale mu foni yomweyo.

Ena amandifunsa za ogula a kutsidya, a ku Angonia, amene amawoloka pa chipata cha Dedza. Bizinesi yanu ili m'Malawi, choncho asungireni uthenga wawo mofanana ndi wa ogula a ku Kawale.

Uthenga wa munthu umene ukunenedwawu ndi uti kwenikweni?

Ndi chilichonse chimene chingaloze kuti munthuyu ndi uje: dzina, nambala ya foni, imelo, nambala ya chiphaso cha unzika, chithunzi, komwe amakhala. Pa malonda athuwa onjezerani chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba chimene wogula amatumiza posonyeza kuti walipira. Pa chithunzi chimenechi pamakhala dzina, nambala, ndalama imene watumiza, ndipo kawirikawiri pamaonekanso ndalama imene yatsala mu foni yake. Onjezeraninso malangizo a njira, monga akuti "mukafika pa tchalitchi mukhotere kumanzere, geti lobiriwira, masana sindikhalapo musiyire mtsikana wantchito". Mawu amenewa kwa dalaivala ndi njira chabe, koma kwa wakuba ndi chidziwitso chakuti pa nyumba yakutiyakuti masana pamakhala mwana mmodzi.

Pali uthenga wina umene lamulo limautchinjiriza koposa: za umoyo wa munthu, mtundu wake, chipembedzo chake, maganizo ake pa ndale, zidindo za zala ndi zina za thupi zozindikirira munthu. Wogulitsa mbatata alibe nazo ntchito zimenezi, ndiye asazifunse n'komwe.

Ndiye pa fomu yanga ndifunse chiyani, ndisiye chiyani?

Apa ndipo pali ntchito yaikulu, ndipo apa ndipo pamatchipa kwambiri kukonza. Lamulo limati mutolere uthenga pa cholinga chodziwika, ndipo ukhale wokwanira cholingacho, osapitirira. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yakuti timatenga fomu, n'kumayenda bokosi limodzilimodzi tikufunsa kuti: bokosi ili likapanda kudzazidwa, kodi thumba la mbatata lilephera kufika kwa mwini wake?

Mayi wina wa pa boma pano anandionetsa fomu yake imene inali ndi mabokosi 11: dzina, nambala ya foni, imelo, tsiku lobadwa, mwamuna kapena mkazi, nambala ya chiphaso, chithunzi cha chiphaso, komwe amagwira ntchito, komwe amakhala, kuchuluka kwa matumba, ndi tsiku lofuna katundu. Nditawafunsa za tsiku lobadwa anati linabwera lokha ndi fomuyo, iwo sanaliikemo. Za komwe munthu amagwira ntchito anati ankafuna kudziwa ngati ali wa malipiro a pamwezi. Za chiphaso anati ankaopa anthu oitanitsa katundu n'kukana kulipira. Mantha amenewa ndi oona, ine sindiwanyoza, chifukwa thumba likakwera lole kupita ku Lilongwe mtunda wa makilomita oposa 80 silibwerera lili bwino. Koma chithunzi cha chiphaso sichinawabwezerepo ndalama ngakhale kamodzi. Chimene chimateteza wogulitsa ndi kulandiriratu theka la ndalama katundu asananyamuke. Chithunzi cha chiphaso chimangowonjezera katundu woopsa mu foni mwanu, chifukwa chikagwa m'manja olakwika munthu angayese kuchigwiritsa ntchito podzinamiza kuti ndi mwini wake.

Tinatsala ndi mabokosi 5 oyenera kudzazidwa: dzina, nambala ya foni, dera ndi malo otsitsira katundu, kuchuluka kwa matumba, ndi tsiku. Imelo tinaisiya kuti adzaze wofuna lisiti pa imelo yekha. Pa malo otsitsira tinalembapo kuti wogula akhoza kungotchula malo odziwika, monga depoti kapena msika wapafupi, ngati safuna kuti katundu afike pakhomo. Zimene simunatolere sizingabedwe, simungazitaye, ndipo palibe angadzakufunseni kuti munazisunga bwanji.

Kodi ndiyenera kupempha chilolezo pa chilichonse? Ndimaona mawebusaiti ena ali ndi kabokosi kochonga.

Ayi, si pa chilichonse. Lamulo limalola zifukwa zingapo zogwiritsira ntchito uthenga wa munthu, ndipo chilolezo ndi chimodzi chabe mwa izo. China ndi kukwaniritsa pangano limene muli nalo ndi munthuyo. Wogula akaitanitsa matumba atatu, mukufunika nambala yake kuti mumuuze kuti lole yafika pa Biwi, ndipo pamenepa simufunikira kabokosi, poti ndi gawo la kugulako. Chinanso ndi pamene lamulo lina likukukakamizani, monga kusunga mabuku a malonda chifukwa cha msonkho wa ku MRA.

Chilolezo chimafunika mukafuna kuchita china chimene munthuyo sanabwerere. Chofala kwambiri ndi kutsatsa malonda. Munthu anagula kamodzi mu Epulo, ndiye inu sabata iliyonse mukumutumizira mitengo ya nyemba ndi kabichi. Nambalayo anaipereka kuti alandire mbatata, osati kuti azidzutsidwa ndi mauthenga. Ngati mukufuna kumamutumizira, ikani kabokosi kapadera, kosachongeratu, kokhala ndi mawu omveka:

```html
<input type="checkbox" name="malonda" value="inde">
```

Muuzeni wokonza webusaiti kuti pa mzerewu pasakhale liwu lakuti `checked`, chifukwa liwu limeneli limachititsa kuti kabokosi kabwere kochongedwa kale, ndipo munthu amene wangoiwala kufufuta chizindikirocho sanavomere kanthu. Pambali pa kabokosiko lembani kuti: "Ndikufuna kumalandira mitengo yatsopano pa WhatsApp. Ndikhoza kusiya nthawi iliyonse." Oda izitha kupita ngakhale munthu asachonge. Sungani tsiku limene anachonga, chifukwa tsiku lina akadzadandaula, ndinu amene mudzafunika kusonyeza kuti anavomera. Ndipo akanena kuti basi musanditumizirenso, lamulo limamupatsa ufulu wobweza chilolezo chake, ndiye muchotseni tsiku lomwelo.

Ngati wodzaza fomu ndi mwana wosakwana zaka 18, chilolezo chimachokera kwa kholo kapena womuyang'anira. Izi zimakhudza kwambiri a sukulu zomwe si zaboma ndi ophunzitsa makompyuta amene amalembetsa ana pa intaneti.

Ndilembe chiyani pa webusaiti kuti anthu adziwe zimene ndimachita ndi uthenga wawo?

Lamulo limafuna kuti munthu auzidwe, pa nthawi imene akupereka uthenga wake, kuti akupereka kwa ndani, pa chifukwa chanji, ndani winanso adzauona, udzasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ufulu wake ndi wotani, ndiponso kuti angathe kukadandaula ku MACRA. Cholakwika chimene ndimachiona ndi kukopera masamba asanu a Chingelezi kuchokera pa webusaiti ya kampani ya kunja. Mawuwo amalonjeza zinthu zimene inu simuchita, amatchula malamulo a mayiko ena, ndipo wogula wanu sawawerenga. Lembani zoona, m'Chichewa, pafupi ndi batani lotumizira oda. Kwa mayi ndatchula aja tinalemba motere, pamwamba pali dzina la bizinesi, malo ake ndi nambala yake:

"Timakufunsani dzina, nambala ya foni ndi malo otsitsira katundu kuti tikufikitsireni oda yanu. Dalaivala amene wanyamula katundu wanu timamupatsa dzina lanu, nambala ndi malo, za tsiku lokhalo. Maoda timawasunga pa Google, ndipo makompyuta a kampaniyi ali kunja kwa Malawi. Malangizo a njira ya kunyumba kwanu ndi chithunzi cha malipiro timafufuta pakatha masiku 30 katundu atafika. Mbiri ya malonda timaisunga kwa zaka zimene malamulo a msonkho amafuna. Mukafuna kuona, kukonza kapena kufufuta zimene tili nazo za inu, tiimbireni. Ngati simukukhutira mukhoza kudandaula ku MACRA."

Masiku 30 amenewa si lamulo linatchula, tinasankha tokha poona kuti madandaulo a mbatata yowola kapena thumba loperewera amabwera sabata yoyamba. Chimene lamulo limanena n'chakuti musasunge uthenga kupitirira nthawi imene cholinga chake chikufunira. Koma mukalemba 30, zikhaledi 30. Lonjezo lolembedwa limene simulisunga limakutsutsani kuposa kusalemba.

Webusaiti yanga ili ndi kaloko pamwamba. Si ndiye kuti zonse zili bwino?

Kalokoko kamasonyeza kuti adiresi ya webusaiti ikuyamba ndi `https`, kutanthauza kuti uthenga umabisika pa ulendo wake kuchoka mu foni ya wogula kufika pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti yanu. N'zofunika, ndipo ngati Chrome ikulemba kuti "Not secure" pa tsamba la fomu, itanani wokonza webusaiti lero. Satifiketi ya Let's Encrypt, imene imapatsa webusaiti `https`, ndi yaulere, ndipo imayenera kumadzikonzanso yokha isanathe. Koma chitetezo chimenechi chimathera pa khomo. Uthenga ukalowa m'nyumba mwanu, kaloko kalibenso mphamvu.

Ndiye oda ikalowa, ngozi imakhala pati?

Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, vuto silinayambe labwera ndi akatswiri othyola makompyuta. Limabwera pa njira zathu zomwe. Tiyeni titsate oda imodzi.

Wogula wa ku Eriya 25 wadzaza fomu Lachiwiri usiku. Odayo yalowa mu Google Sheets, mu mndandanda umodzi ndi maoda onse a chaka chathunthu. Uthenga womwewo wapitanso ku imelo ya bizinesi, imene ili yotsegula mu foni ya mwini wake ndi mu foni ya mwana wawo wamkulu. Lachitatu m'mawa mnyamata wolongedza akufuna kudziwa matumba angati, ndiye mwini wake akujambula sikirini n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la antchito, momwe mulinso awiri amene anasiya ntchito chaka chatha. Dalaivala akufuna manambala, ndipo poti kulemba mmodzimmodzi n'kotopetsa, akumutumizira linki ya mndandanda wonse. Kuti linkiyo itseguke mu foni ya dalaivala, wina anasintha pa Share kuchoka pa "Restricted" kupita pa "Anyone with the link". Pofika Lachitatu masana, dzina ndi njira ya kunyumba kwa munthu mmodzi zili m'mafoni asanu ndi awiri, ndipo dalaivala amene amafunikira mayina anayi ali ndi mayina a makasitomala onse.

Lamulo limafuna kuti muike njira zoyenera zotetezera uthenga kuti usaonedwe ndi osayenera, usatayike, usasinthidwe. Kwa bizinesi ngati imeneyi, njirazo si zodula. Mndandanda ukhale pa "Restricted", ndipo muonjezere anthu ndi imelo zawo, aliyense yake, osati pasiwedi imodzi yodziwa banja lonse. Wolongedza apatsidwe chiwerengero cha matumba ndi chizindikiro cholemba pa thumba, nambala ya wogula alibe nayo ntchito. Dalaivala apatsidwe mayina a ulendo wa tsikulo okha, ndipo mugwirizane naye, makamaka polemba, kuti manambalawo sawagwiritsa ntchito pa zina ndipo amawafufuta akatsitsa. Yatsani 2-Step Verification pa akaunti ya Google, kuti wodziwa pasiwedi yokha asathe kulowa, ndipo foni ikhale ndi PIN. Munthu akasiya ntchito, tsiku lomwelo achotsedwe pa gulu ndi pa mndandanda, osadikira kuti mkwiyo uthe kapena kuti mwina abweranso.

Ndiwonjezere za magulu a WhatsApp a makasitomala, chifukwa ambiri amawakonda. Mukaika ogula 80 mu gulu limodzi, aliyense akuona nambala ya mnzake, ndipo mwapereka manambala a anthu kwa anthu osawadziwa popanda kuwafunsa. Amayi ambiri amadandaula kuti akangoikidwa mu gulu lotere amayamba kulandira mauthenga a usiku kuchokera kwa amuna achilendo. Gwiritsani ntchito Broadcast, imene imatenga manambala mpaka 256 pa mndandanda umodzi ndipo wolandira saona anzake. Imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mu foni, zimene kwa ine zili bwino, poti amene anakusungani ndiye akukufunani. Pa imelo, maadiresi aikeni pa Bcc, osati pa To.

Webusaiti anandikonzera mwana wa mlongo wanga, ndipo mapasiwedi onse ali ndi iye. Zikalakwika mlandu ndi wake?

Kwa wogula ndi kwa MACRA, woyamba kufunsidwa ndinu. Lamulo limasiyanitsa mwini cholinga, amene ndinu, ndi wogwira ntchito pa uthengawo m'malo mwanu, monga wokonza webusaiti kapena kampani yosunga seva. Iwonso ali ndi udindo wawo, koma amayenera kuchita zimene inu mwawatuma, ndipo pakati panu payenera kukhala pangano lolembedwa. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kupempha mwana wa m'banja kuti asaine pepala kumamveka ngati kumukayikira. Muuzeni kuti pepalalo likuteteza nonse awiri. Tsamba limodzi ndi lokwanira: akuloledwa kuona chiyani, saloledwa kukopera kapena kupereka kwa wina, akaona chachilendo akuuzani nthawi yomweyo, ndipo tsiku losiyana abweza zonse n'kufufuta zimene ali nazo.

Kuposa pepalalo, dzina la webusaiti, akaunti ya seva ndi imelo ya bizinesi zilembetsedwe m'dzina lanu, pa nambala yanu. Ngati webusaiti ili pa WordPress, inu mukhale ndi akaunti ya Administrator yanuyanu, ndipo antchito apatsidwe udindo wocheperapo. Ndinaonapo bambo wina wa ku Ntcheu amene wokonza webusaiti wake anapita ku Joni ndi mapasiwedi onse. Fomu inapitiriza kulandira mayina a anthu kwa miyezi, bamboyo osatha kuwaona, osathanso kuitseka.

Mufunseninso wokonzayo ngati anaikamo zida zowerengera alendo, monga Google Analytics kapena Meta Pixel. Zida zimenezi zimatumiza ku makampani akunja zimene mlendo akuchita pa webusaiti yanu. Ngati simuwerenga n'komwe malipoti ake, zichotsedwe. Ngati mumazigwiritsa ntchito, alendo auzidwe.

Seva ili kunja kwa dziko. Ndi mlandu?

Si mlandu pakokha, ndipo mawebusaiti ambiri a kuno amasungidwa ku South Africa, ku Ulaya kapena ku Amereka. Lamulo limalola kutumiza uthenga kunja ngati kumeneko ukatetezedwe mokwanira, kapena ngati pali chifukwa china chololedwa, monga chilolezo cha mwini wake atauzidwa bwino kapena kukwaniritsa pangano limene muli naye. Chofunika kwa inu n'kudziwa dzina la kampani yosunga seva ndi dziko limene ili, kusankha kampani yokhala ndi pangano lolembedwa la kasungidwe ka uthenga, ndi kuwauza ogula monga tinachitira pa mawu a pamwamba aja.

Kasitomala wandiimbira kuti ndifufute zonse zokhudza iye. Ndichite bwanji, poti lisiti lake lili m'mabuku anga?

Munthu ali ndi ufulu wodziwa zimene muli nazo za iye ndi kulandira kope lake, wokonzetsa zolakwika, wopempha kuti zifufutidwe, ndi wokana kuti muzizigwiritsa ntchito potsatsa malonda. Musakwiye naye, ndipo musamufunse kuti walakwiridwa chiyani. Choyamba tsimikizani kuti ndi iyedi. Njira yosavuta ndi kudula foni n'kuimbanso pa nambala imene ili pa oda. Izi n'zofunika kwambiri pamene munthu akupempha kuona uthenga, chifukwa wina akhoza kuimba n'kunena kuti ndine mwamuna wa mayi uje, ndiuzeni komwe munakatsitsa mbatata. Mwina banjalo linatha, ndipo mayiyo anasamuka mwadala osanena komwe wapita. Uthenga umaperekedwa kwa mwini wake yekha.

Mukatsimikiza, yendani malo onse amene tawatchula aja: mndandanda, imelo, macheza a WhatsApp, zithunzi za mu foni, webusaiti yeniyeniyo, ndi foni ya dalaivala. Fufutani njira ya kunyumba, zithunzi za malipiro, ndi dzina lake pa mndandanda wotsatsira malonda. Mbiri ya malonda imene malamulo a msonkho akufuna kuti isungidwe, isungeni, koma muuzeni poyera kuti chatsala ndi ichi, pa chifukwa ichi. Lembani mu kope tsiku limene anapempha ndi tsiku limene munamaliza. Langizo langa ndi lakuti zithe sabata isanathe, chifukwa pempho lotere likagona limaiwalika.

Nanga uthenga ukatuluka kale? Ndidziwa bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Kawirikawiri mumamva kwa ogula. Tiyerekeze kuti mndandanda wanu uli ndi mayina 340. Lachisanu cha m'ma 4 koloko madzulo mayi wina akuimba kuti: "Mwasintha nambala yolipirira? Wandiimbira mnyamata wina, wanditchula dzina, wanena kuti ndinaitanitsa matumba awiri, akuti nditumize ndalama yotsala pa nambala ina." Pasanathe ola, wachiwiri akunena zomwezo. Chizindikiro chake n'chimenechi: wakubayo akudziwa zinthu zimene zili m'mabuku anu okha, dzina pamodzi ndi chiwerengero cha matumba. Atsotsi ongoimba mwachisawawa sadziwa zimenezo.

Lamulo limati mudziwitse MACRA pasanathe maola 72 kuchokera pamene mwadziwa. Maola amenewa sadumpha Loweruka ndi Lamulungu: mwadziwa Lachisanu 4 koloko madzulo, nthawi ikutha Lolemba 4 koloko madzulo. Ngati kutulukako kungaike anthu pa ngozi yaikulu, monga pano pamene akuberedwa ndalama, eni uthenga nawonso ayenera kuuzidwa.

Usiku womwewo wa Lachisanu tsekani pobowoka. Bwezani mndandanda pa "Restricted", chotsani aliyense amene simukumufuna, sinthani pasiwedi ya imelo ndi ya webusaiti. Pa akaunti ya Google onani mafoni amene alowamo n'kutulutsa achilendo, ndipo pa WhatsApp onani pa "Linked devices". Musafufute kanthu kalikonse ka umboni: sungani nambala imene wakubayo anaimbira, nambala imene amati ndalama ipite, ndi nthawi zake. Dziwaninso ichi: linki ikakhala pa "Anyone with the link", akaunti wamba ya Gmail sikuonetsani kuti anatsegula ndani kapena anakopera ndani. Choncho musadzinamize kuti akhudzidwa ndi awiri okha amene aimba. Werengani onse 340.

Kenako auzeni, usiku womwewo kapena Loweruka m'mawa, kuyambira amene ali ndi maoda osamaliza kulipira, poti ndiwo ali pakamwa pa ng'ona. Uthenga ukhale wachindunji: "Mayina, manambala ndi maoda a makasitomala athu zaonedwa ndi munthu wosayenera. Wina akuimba m'dzina lathu kupempha ndalama. Nambala yathu yolipirira sinasinthe. Musatumize ndalama pa nambala ina, musauze munthu PIN yanu. Ngati mwatumiza kale, tiimbireni ndipo mudziwitse kampani yanu ya foni." Ndikudziwa kuti mtima umafuna kubisa, kuopa kuti anthu athawa. Koma ola lililonse limene mwakhala chete ndi ola limene wina akutumiza ndalama ya sukulu ya mwana wake kwa wakuba, akukhulupirira kuti akutumiza kwa inu.

Loweruka kanenni ku polisi ndi ku kampani ya foni za nambala ya wakubayo. Lamulungu lembani lipoti la ku MACRA, lipite Lolemba m'mawa osadikira madzulo. Munenemo chimene chachitika ndi nthawi imene munadziwa, mtundu wa uthenga umene watuluka, chiwerengero cha anthu, mavuto amene angawagwere, zimene mwachita kale, ndi munthu amene angalankhule naye. Musadikire kuti mudziwe wolakwa. Tumizani zimene mukudziwa, zina mudzawonjezera. Sungani kope la lipotilo ndi umboni wakuti linatumizidwa.

Kutaya foni kapena laputopu yosakhoma yokhala ndi mndandanda, kaya mu minibasi kaya pa msika wa Lizulu, nakonso ndi kutuluka kwa uthenga, ngakhale palibe amene waimba.

Kodi ndikufunika kukalembetsa ku MACRA?

Kulembetsa n'kwa amene lamulo limawatcha ofunikira kwambiri: amene akugwira uthenga wa anthu okhala m'Malawi oposa 10,000, kapena uthenga wokhudza kwambiri chuma, anthu kapena chitetezo cha dziko. Wa makasitomala 340 sali m'gulu limeneli, koma maudindo ena onse amene tafotokozawa amakhalabe ake. Amene ayenera kuwerenga mosamala ndi makopaletivi a alimi ndi ogulitsa zipangizo za ulimi amene amalembetsa alimi pa intaneti chaka ndi chaka osafufuta akale. Powerenga, werengani anthu onse amene uthenga wawo mukusunga, kuphatikizapo a zaka zam'mbuyo ndi amene anangodzaza fomu osagula.

Ndikufuna kugulitsa foni yakale imene ndinkalandirira maoda. Kufufuta mauthenga a WhatsApp n'kokwanira?

Sikokwanira. Zithunzi za malipiro zimatsalira mu Gallery ndi mu Downloads, manambala amatsalira pa simu, ndipo akaunti ya Google imakhala ikadali yotsegula. Samutsani zimene mukufunikadi, tulutsani akaunti ya Google ndi ya WhatsApp, chotsani simu ndi memori khadi, kenako chitani "Factory reset" musanaipereke. Mukapita nayo kwa okonza mafoni pa msika, chotsani memori khadi, ndipo ngati akufuna PIN kuti ayese sikirini, ayesere pamaso panu. Makope akale a maoda ndi mapepala amene dalaivala ankabwera nawo, atenthedwe, asapite kokulungira mandasi.